Mbewu ya mayi Esime

Mayi Esime atamwalira ku Machinga, mwana wawo Binali sanapite kumaliro. Anali ku Joni, akugwira ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu ku Marlboro, ndipo mapepala ake anali oti ukatuluka nawo subwereranso. Patapita miyezi, mkazi wake Hanifa anatsika basi ku Park Station atanyamula kathumba ka chimanga cha makolo chomwe apongozi ake ankakoleka kudenga. Njala ya 2002 inali itadya mbewu za m'mudzi monse, anthu n'kuyamba kubzala za m'sitolo. Ya mayi Esime inatsala yokhayo.

Kuseri kwa nyumba ya katunduyo kunali kamalo kongomera udzu. Theka lake ankalima a Mumba, bambo wa ku Chipata woyendetsa galimoto ya kampaniyo, amene anakhala ku Joni zaka zambiri. Theka linalo anampatsa Binali.

Mvula itagwa mu Okutobala, a Mumba anabzala.

"Ba Binali, manje muyembekeza chani? Kuno ni Joni, mphepo imabwera msanga."

"Iyi ndi chizimalupsa, abambo," anatero Binali. "Mukuwotcha mbewu. Mayi ankabzala Disembala."

Binali anali munthu wofatsa, koma ukangotsutsa zomwe ankachita mayi ake, makutu ankatseka. Anaunga mizere yake bwinobwino n'kumadikira, uku akuyang'ana chimanga cha a Mumba ngati chodwala. Chinafika m'chiuno iye akadali kuchimvera chisoni.

Anabzala sabata ya Khirisimasi. Hanifa anamupempha kuti asungeko pang'ono.

"Anankafumbwe ayamba kale kuboola," anayankha. "Mbewu amasunga m'nthaka."

Anakhuthula kathumba konse, zinayizinayi paphando, mapando ake oyandikana ngati anthu a m'minibasi. Chitamera, a Mumba anabwera ndi kamtengo kotalika ngati chikhatho chotambasula ndi pang'ono.

"Chimodzi apa, china apa. Vinangu muzule. Vikapanikizana mupeza mapesi chabe."

Apa Binali anamvera, ngakhale kuzula kunamupweteka mtima. Feteleza wokulitsa anali atathira kale pobzala, pambali pa phando kuti asawotche mbewu. Wobereketsa anathira chitafika m'mawondo, tsiku lomwe nthaka inali yonyowa, chivindikiro cha botolo pa phesi lililonse, n'kukwirira.

Mu Febuluwale masamba anayamba kuoneka timabowo tondondozana. Anali akapuchi, mbozi zoboola phesi, zomwe zimakonda chimanga chochedwa. Cha a Mumba chinali chitakhwima kale, choncho zonse zinathamangira kwa Binali. M'mawa uliwonse akaweruka, m'malo mokagona, iye ndi Hanifa ankayenda phesi ndi phesi kuthira timibulu ta mankhwala m'kati mwa nsonga, mbozi zisanalowe m'phesi. Mapesi ena anafa. Ambiri anapulumuka.

Ndiye chinakula, chimanga chija! Chinapitirira mpanda, chakuda bii. Amalawi odutsa popita ku komboni ya Alex ankaima n'kufunsa kuti mbewu yotereyi yachokera kuti, ndipo Binali ankayankha motalikitsa kuposa funso. Koma chimanga cha makolo sichithamanga, makamaka kumalo kozizira usiku. Ngayaye zinatuluka Malichi akutha. A Mumba anali atayamba kale kukolola.

Kumapeto kwa Epulo, m'mawa wina Binali anapeza udzu uli mbuu ndi chisanu, madzi a m'chidebe ataundana pamwamba. Dzuwa litakwera, masamba onse anagwa ngati awathira madzi otentha. Anasenda chisononkho chimodzi n'kudina njere ndi chala. Inatuluka mkaka.

A Mumba anaima pambali pake.

"Sichingakhwime pa phesi pomwepo?" anafunsa Binali, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Eish. Phesi yafa, mwana wanga. Iyi siingamere."

Binali anakhala pansi pamzere. Chomwe chinkamuwawa sichinali kugonja kwa a Mumba. Ankaona kuti mayi ake anasunga mbewuyo chaka cha njala osaidya, iye n'kuitaya ali wokhuta.

Hanifa, yemwe anakhala naye pamzerepo, ndiye anadzuka koyamba n'kuyamba kuthyola.

"Chikagona chiwola," anatero. "Kaitaneni anthu."

Madzulo ake anabwera a ku Machinga ndi a ku Mangochi okhala chapafupi. Anaphika chimangacho m'theka la mgolo, n'kuwerenga duwa, pemphero la omwalira lomwe Binali sanakawerenge kumanda. A Suwedi, nkhalamba yomwe inabwera ku Joni nthawi ya migodi, analuma kamodzi n'kutseka maso.

"Chakwathu chenicheni ichi. Mwanawe, chaka chamawa undigawireko mbewu."

Binali anayang'ana chisononkho chomwe chinali m'manja mwake.

"Idyani, abambo," anatero. "Mbewu yake ndi yomwe mukudyayo."