Dzina Limodzi, Mizere Iwiri

Foni inalira manja ali m'thovu. Linali Loweruka, ndipo mayi wina anali atangonyika mayunifolomu a ana m'beseni, makolala ali bii ngati anawo amalima ndi khosi. Anapukutira dzanja limodzi pasiketi n'kuyankha.

Anali Amakiyi, mlembi wamkulu wa pasukulu pomwe mayiyu anali atangoyamba ntchito yothandizira mu ofesi. Dzinalo anawapatsa ndi aphunzitsi, poti akamabwera amayamba kumveka ndi makiyi, eniake n'kuonekera pambuyo.

"Mayi, siyani zimene mukuchitazo. Kulembetsa mayeso akutseka lero masana, si Lolemba ayi. Ine ndili kuchipatala, mwana amugoneka. Alonda akutsegulirani. Mayina onse ali m'kompyuta, mungoona ngati ali bwino, mutumize."

"Ndekha?"

"Nanga ndi ndani? Ahedi ali kumsonkhano."

Pantchitoyi mayiyu anali adakali poyesedwa, ndipo anali atapsa kale kamodzi. Anaona tsiku pakalata yoitanira makolo, n'kuganiza kuti lalakwika, n'kulikonza mwaulemu wake. Makolo anabwera tsiku lolakwika, ena atapempha kuntchito. Ahedi sanakalipe. Anangoti, "Mayi, kachiwiri sitidzakambirana." Ndipo iye, ana atatu, bambo wawo kulibe, zaka zapita, sakanapeza ofesi ina yomulandira.

Anasiya beseni pakhonde n'kuthamangira basi.

Ofesi inali zii, kukununkha fumbi la mapepala. Alonda anamutsegulira akuseka.

"Bwana wamkulu wa Loweruka! Tikuikireni mpando wa Ahedi?"

"Achimwene, lero musandiyambe."

Anayatsa kompyuta n'kuyamba kutsika ndi chala, mzere ndi mzere. Zonse zinali bwino mpaka chapakati. Pamenepo chala chinaima. Dzina limodzi linali pamizere iwiri yotsatizana. Dzina la bambo lomwelo, chaka chobadwa chomwecho. Maphunziro onse ofanana, kupatula limodzi: wapamwamba analembetsa za ulimi, wapansi za malonda.

Mwana mmodzi wolembedwa kawiri, kapena ana awiri? Pasukulupo ana apachibale anali mbwee, ndipo mabanja ena dzina la agogo amalipereka kwa mwana aliyense wobadwa. Koma ankadziwanso zimene Ahedi ananena pamsonkhano wa antchito, kuti chaka chatha bungwe la mayeso linawalembera kalata yowachititsa manyazi chifukwa cha mayina obwereza, ndipo safuna kuionanso. Chala chinapita chokha pabatani lofufutira. Anachibweza ngati chakhudza mbaula.

Pakhoma, pamwamba pa makina okopera mapepala, panali pepala limene Amakiyi analembera othandizira atsopano. Tsiku loyamba mayiyu analiwerenga mothamanga, poganiza kuti munthu wolera ana atatu safunika kuuzidwa kufunsa. Tsopano analimatula n'kuliika patebulo.

"Ukakayika ngati chinthu chalakwikadi, usakonze ndipo usangochisiya. Funsa amene anachilemba. Muuze zimene waona, osati kuti walakwitsa."

Amene analowetsa mayinawo anali aphunzitsi a kalasi yolemba mayesoyo. Anaimba. Foni inalira mpaka kutopa. Kachitatu anayankha akazi awo.

"Apita kumpira wa ana, foni aisiya patchaja. Ndinu ndani kodi?"

"Ndine wa ku ofesi, mayi. Nkhani yake ndi yofulumira."

"Onse amene amawaimbira Loweruka amati ndi a ku ofesi."

"Mayi anga, ine ndili ndi zidzukulu m'njira, amuna anuwo sindikuwafuna. Tumani munthu awauze aimbe kusukulu."

Anabwerera papepala. "Mwiniwake akasowa, yang'ana kumene zinachokera." Kumene zinachokera kunali m'mafayilo a ana, m'kabati yachitsulo ili pakona. Anakoka chitseko. Chokhoma. Makiyi ake anali kuchipatala, m'chikwama cha mwiniwake. Anakokanso, mwamphamvu, kabati yonse n'kugwedezeka.

"Ndibweretse chitsulo?" anafunsa alonda ali pakhomo.

"Kuti andichotse ntchito pa zifukwa ziwiri, dzina ndi kabati? Inuyo anawa mumawaona pageti tsiku lililonse. Dzina ili mukulidziwa?"

Alonda anasuzumira pakompyuta n'kukanda m'mutu. "Ine ndimawadziwa ndi nkhope, mayi. Wochedwa, wokwera mpanda, wosapisira malaya. Mayina ndi a aphunzitsi."

"Zikakanika, kwera kwa wamkulu wako," linatero pepala. Foni ya Amakiyi inali yozima. Ya Ahedi inalira kamodzi n'kudulidwa, kenako kunabwera uthenga: "Ndili mumsonkhano. Tumizani basi."

Tumizani chiyani? Anakhala pansi, manja akununkhabe sopo. Dzuwa linali litachoka pawindo, kutanthauza kuti masana ayandikira. Akafufuta mzere umodzi, ali ana awiri, ndiye kuti mwana wa mayi wina sadzalemba mayeso chaka chino, ndipo iye ntchito yatha. Ngakhale atakhala mwana mmodzi, afufute uti, wa ulimi kapena wa malonda? Akasiya yonse iwiri, ali mwana mmodzi, kalata ya manyazi ija ibwera, ndipo Ahedi ananena kale za kachiwiri. Kulikonse kumene ankayang'ana ankangoona chitseko chotulukira.

Papepala panatsala mawu a pansi penipeni, pamene selotepi inadya zilembo zina. "Nthawi ikakuthera, chita chimene chingathe kubwezedwa. Ukatero lemba zimene waona, amene wawafunsa, ndi zimene wachita."

Dzina lowonjezera angathe kulichotsa ndi kalata. Dzina losowa, akatseka atseka. Zimenezi Amakiyi anazinenapo tsiku lina akumwa tiyi.

Anatumiza mizere yonse iwiri. Kenako analembera Ahedi, Amakiyi ndi aphunzitsi aja uthenga umodzi: dzina lakuti laoneka kawiri, kusiyana kwake n'kwakuti, ndaimbira akuti ndi akuti osawapeza, kabati ndi yokhoma, sindinafufute kanthu. Mawu oti pepani anawalemba, n'kuwafufuta, n'kuwalembanso.

Aphunzitsi anaimba iye ali m'basi yobwerera, kumbuyo kwawo kukumveka wezulo.

"Aa, ameneyo ndi mwana mmodzi, mayi! Anasintha phunziro, ndiye ndinamulowetsanso, wakalewo n'kuiwala kuchotsa. Bwenzi mutangofufuta wapamwambayo."

"Ndikanadziwa bwanji kuti ndi wapamwamba?"

"Eee, komanso n'zoona. Nanga Ahedi mwawauzanso? Mayi inu, mwandiika pamoto."

"Tilipo awiri pamotopo, aphunzitsi."

Asanatsike, uthenga wa Ahedi unalowa: "Lolemba m'mawa mu ofesi mwanga." Panalibe moni, panalibe china.

Anaimbiranso Amakiyi, ndipo ulendo uno anayankha, mawu ali otopa.

"Mwana ali bwanji?"

"Wagona. Uthenga ndauona. Mwachita zimene ndikanachita ine. Lolemba tilemba kalata, mzerewo auchotsa."

"Nanga ine andichotsa?"

"Ndikalowa nanu limodzi. Koma ndisakunamizeni, mayi, pepala lija ndinalemba ndine. Ahedi sanaliwerengepo."

Kunyumba anapeza thovu litaphwa, madzi atachita imvi, ana akukanganirana rimoti m'nyumba. Wamng'ono anatulukira pakhomo.

"Amayi, yunifolomu yanga iuma? Lolemba kuli asembule."

"Lolemba, Lolemba, aliyense Lolemba! Tenga ndowa ukatunge madzi."

Anagwada pabeseni, natola malaya oyamba, n'kuyamba kufikisa kolala.