Nyimbo Yakale Imene Bambo Ankafuna

Sitiroko inawasiyira bambo mawu owerengeka. Ankatha kunena "madzi", "ayi" ndi "iwe". Mwezi wachitatu anatola mawu ena awiri: "nyimbo yakale." Ankawanena akamasambitsidwa, akamadyetsedwa, ngakhale pamene mayi ankawatembenuza kuti asachite zilonda kumsana. Akatero ankang'ung'udza kanyimbo kena kukhosi, dzanja lamanzere, lomwe linatsala lamoyo, likumenya pamkono wa mpando.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, amene m'nyumbamo ankangomuitana Chisamba, ndiye anasenza ntchito yoifunafuna. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anali atasamutsira makina ake osokera pabalaza pa makolo ake kuti azithandiza mayi kunyamula wodwalayo. Anajambula kung'ung'udzako pafoni, n'kufunsa foniyo kuti ndi nyimbo yanji. Inamubweretsera nyimbo za azungu zitatu ndi ina ya kutchalitchi.

"Ndi yathu ija," anatero mayi akupinda nsalu. "Tinkavina tili pachibwenzi. Dzina lake ndinaiwala, koma inali ndi lipenga."

Ananena mopepuka, koma Chisamba anaona kuti tsiku limenelo mayi anapesa tsitsi asanalowe kuchipinda kwa bambo.

Kasitomala wina anamulozera kwa Singano, bambo wachikulire amene anagwira ntchito yosunga nyimbo kunyumba ya wailesi zaka makumi atatu. Atapuma anatsegula kashopu kuseri kwa wokonza mawotchi, kosamutsira nyimbo za m'mbale ndi m'makaseti kuziika pafulashi. Munali mopanikiza, monunkha fumbi ndi makatoni onyowa. Kuti mlendo akhale, Singano ankayamba wachotsa mulu wa makaseti pampando.

"Ndikufuna nyimbo yakale," anatero Chisamba.

"Yakale kwa ndani, mayi? Dzana kunabwera mtsikana, akuti yakale, pomwe akunena ya chaka chatha. Ine ndiye ndi chiyani, fupa lofukula?"

Anamvetsera kung'ung'udzako kawiri, maso ali chotseka, chala chikuwerenga pabondo.

"Iyi ndi rumba, yoyenda pang'onopang'ono. Tachotsa kale za kutchalitchi ndi zina zonse zodumpha. Bambowo anabadwa liti? Anakwatira liti?"

Chisamba anawauza. Singano anati munthu nyimbo zimamumata ali pakati pa zaka khumi ndi zisanu ndi makumi awiri ndi zisanu, choncho ayambire kumapeto kwa ma 1960. Atamva za lipenga anakwera pasitulu, n'kutsitsa katoni ya timbale ting'onoting'ono. Anayesa tinayi. Kachisanu katangoyamba kuzungulira, Chisamba anaizindikira. Inali yomweyo, ya kukhosi kwa bambo, koma itavala zovala zake.

"Tamvani mmene ankajambulira nthawi imeneyo," anatero Singano. "Zonse zikutuluka pamalo amodzi, gitala, lipenga, woimba, ngati athithikana pakhomo limodzi. Kuthetheka uko ngati nkhuni zonyowa ndi mbale. Ndipo mphindi zitatu yatha, chifukwa kambale aka sikanyamula zambiri."

Madzulo ake, dzuwa likadalipo, mayi anavala diresi yopitira kutchalitchi n'kukhala pafupi ndi mpando wa bambo. Chisamba analowetsa fulashi mu wailesi. Lipenga litalira mayi anaseka, n'kugwira pakamwa ngati kamtsikana. Bambo anamvetsera pang'ono chabe. Kenako nkhope inakwinyika mbali yomwe inkatha kukwinyika.

"Ayi."

"Ndi imeneyi, bambo ake Chisamba. Mwaiwala?"

"Ayi. Ayi." Dzanja lamanzere linakankha wailesi mpaka inatsala pang'ono kugwa patebulo. Ndiye anayambanso kung'ung'udza nyimbo yomweyo, akumenya pampando mofulumira kuposa mmene wailesi inkayendera.

"Matenda awa," anatero mayi, n'kupita kukavula diresi.

Singano sanadabwe atamva.

"Ngati nyimbo ndi yomweyo koma akuikana, ndiye kuti akufuna chijambulo china. Nyimbo yabwino ili ngati mkazi wamasiye wolemera, aliyense amafuna aikwatireko. Iyi ndikudziwa kuti inaimbidwanso kangapo. Mawu alibe bambowo, koma makutu ali nawo. Mukawafunse mafunso oti ayankhe ndi dzanja."

Analemba mafunsowo kuseri kwa chikuto cha kaseti. Anaikanso pafulashi tizidutswa ta nyimbo zina za rumba, theka la mphindi kalikonse, ta zaka zosiyanasiyana, kuti bambo asonyeze kamvekedwe komwe akukafuna.

Chisamba anadikira mayi atapita kukatenga mankhwala. Anakhala pansi, n'kugwira dzanja la bambo.

"Mukafuna kuti eya, mufinye. Munkaimvera pambale?"

Dzanja linangokhala.

"Pakaseti?"

Linafinya.

"Inali yaifupi ngati ya dzulo ija?"

"Ayi." Bambo anatambasula mkono kutali.

Chisamba anawaikira tizidutswa tija. Ka m'ma 60 anakakana. Ka m'ma 70, ka magitala atatu olankhulana ndi ng'oma zomenyedwa ndi munthu, anapendeketsa mutu, koma sanafinye. Kachitatu katayamba, kokhala ndi kuwomba m'manja kouma, bambo anamufinya mpaka mphete inamupweteka. Anamusiya, n'kuloza khutu lamanzere, kenako lamanja, kenako lamanzerenso.

"Basi, mwaigwira mchira," anatero Singano tsiku lotsatira. Anali wokondwa ngati mlenje. "Kuwomba m'manja uko si anthu, ndi makina. Tamvetserani, kulikonse n'kofanana ndi kunzake, sikuchedwa, sikufulumira. Munthu womenya ng'oma amatopa, amatengeka, nyimbo imathamangako pofika kumapeto. Makina alibe mtima. Ndipo ng'oma iyo yolira ngati chitseko chomenyetsa, n'kudukira pomwepo osamveka mchira wake, ndi fasho ya m'ma 80. Malipenga awo ndi a kiyibodi, palibe akupuma mpweya pamenepo. Zoloza makutu zija akunena mawu oyenda uku ndi uku m'masipika awiri. Kambale kathu kaja sikangachite zimenezo."

"Ndiye ndi chaka chiti?"

"Makinawa anayamba kumveka koyambirira kwa ma 80, koma magulu ang'onoang'ono anawapeza mochedwa. Tinene kuyambira 86 kufika 90. Kupitirira apo kamvekedwe kanasinthanso."

Anatembenuka kukasanthula m'makatoni.

Chisamba zaka zimenezo ankazidziwa popanda kuwerenga. Bambo anachoka panyumba iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ananyamula sutikesi ndi wailesi ya makaseti, n'kukakhala ndi mkazi wina kutsidya kwa njanji. Anabwerera patatha zaka zisanu, ataonda, ntchito itatha. M'zaka zisanuzo Chisamba anasiya sukulu, anaphunzira kusoka, analera ang'ono ake awiri pamene mayi ankachapa zovala za anthu mpaka zala kusweka. Bambo atabwerera, mayi anawatsegulira chitseko, n'kuuza ana kuti nkhaniyo isadzatchulidwenso. Ndipo sinatchulidwe.

"Nayi," anatero Singano. Inali kaseti yachikuto chofwifwa, gulu lomwe Chisamba anali asanalimvepo. Pakona panalembedwa 1988. "Awa anatulutsa kaseti imodzi yokha, n'kubalalika. Mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo simatha, imangozilala."

Anaisewera. Kunayamba kaphokoso ka kaseti, komveka ngati mvula yakutali, kenako makina aja, kenako mawu a woimba akudumpha kuchoka sipika ina kupita ina. Inali nyimbo ya mayi, ataithamangitsa ndi kuipaka mafuta onunkhira.

"Yoipa," anatero Chisamba.

"Yoyamba ija ndiye nyimbo. Koma munthu sakonda nyimbo chifukwa ndi yabwino. Amakonda kumene anali pamene ankaimva." Singano anamuyang'ana, n'kuchotsa magalasi. "Ndalankhula molakwa?"

"Ayi. Mwagwira ntchito yanu."

Fulashiyo inakhala masiku anayi m'kabokosi ka mabatani. Bambo ankamuyang'ana akamadutsa, n'kumati, "Iwe. Nyimbo yakale." Chisamba ankapondaponda makina mwamphamvu kuti asamve. Ankaganiza zoitaya. Ankaganizanso zowauza kuti yapezeka koma sadzaimva, kuti nawonso adziwe kudikira chinthu chimene chili kutsidya kwa njanji.

Tsiku lachisanu mayi anamupeza akudula nsalu.

"Anaipeza, eti?"

"Sanaipeze."

"Usandinamize, ndinakubala ndine. Munthu uja wasiya kudya. Ukufuna ndizimutsanulira phala m'mphuno?"

"Amayi, si yanu ija."

"Ndinadziwa tsiku lomwe anakankha wailesi." Mayi anatola ulusi pa diresi la Chisamba, n'kuutaya pansi. "Ankaiika mokweza dala kutsidya kwa njanji kuja. Ndikamapita kukapereka zochapa ndinkadutsa kumeneko, njira inali imodzi. Kaike."

Chisamba anaika. Makina aja atangoyamba kuwomba m'manja, bambo anatseka maso. Dzanja linapeza kayendedwe kake pampando, osaphonya. Pakamwa popotoka paja panayesa kumwetulira, ndipo misozi inatsikira m'khutu. Woimba atafika pakati, bambo anatulutsa liwu latsopano, loyamba m'miyezi iwiri, lomveka bwino ngati la munthu wosadwala. Linali dzina la mkazi wa kutsidya kwa njanji uja.

Mayi anali ataima pakhomo ndi mbale ya phala. Anadikira mpaka nyimbo inazilala, mphindi zonse zisanu ndi ziwiri. Kenako anakoka situlu, anayala kathawulo pachifuwa cha bambo, n'kuuzira supuni.

"Yasamulani."

Bambo anayasamula. Anadya mbale yonse.

Kuyambira tsiku limenelo nyimboyo inkalira katatu patsiku, nthawi ya chakudya, chifukwa popanda iyo bambo ankaluma mano. Ang'ono ake a Chisamba atabwera kudzazonda anasangalala kuona bambo atanenepako, ndipo wamng'ono anapempha kuti amuikireko nyimboyo pafoni. Anati ikumukumbutsa makolo ake ali achinyamata. Mayi anati eya, ndi yakale ndithu.

Mwezi usanathe Chisamba anabweza makina ake kunyumba kwake. Ankabwerabe m'mawa uliwonse kudzathandiza kusambitsa ndi kunyamula, koma ikakwana nthawi ya phala ankatuluka, n'kukaima kumpanda mpaka mayi amuitane kuti adzatenge mbale.