Konza Ichi

Mwana wanga wamkazi anapeza ntchito pamalo osindikizira zikwangwani, koma yoyeserera. Anati agwire mwezi umodzi, akaoneka kuti sakutha abwerere kwa amake. Amakewo ndine. Ndimagulitsa nsapato zakale pamsika, ndipo sindinamutumize kusukulu ya makompyuta kuti adzakhale pambali panga n'kumapukuta zidendene za anthu osawadziwa.

Sabata yomaliza ya mweziwo mwana anayamba kuonda ndikumuona. Akaweruka ankangofikira patebulo, n'kutsegula laputopu. Chakudya chinkazizira pambali pake. Lachitatu m'mawa ndinalephera kupirira.

"Iwe, wafedwa kapena?"

"Ndi ntchito, amayi."

"Ntchito yake yotani yosadyetsa munthu? Ndionetse."

Ananditembenuzira foni. Bwana wake anali atatumiza fayilo, ndiye kuti chithunzi cha malonda a saluni ina: mitu ya atsikana oluka tsitsi, maluwa m'mbali, dzina la saluni ndi nambala ya foni. Pansi pake panali uthenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu awiri ndimawerenga. *Konza ichi.*

"Kwina kuli kuti?"

"Ndi womwewo. Amalemba choncho. Kuntchito timawatchula kuti a Mawuawiri."

Mwanayo anali atakonza kale katatu. Poyamba anaona kuti mawu ena analembedwa molakwika, anawongola. Yankho linabwera: *Si zimenezo.* Anasintha mitundu, pinki uja n'kumuziziritsa. *Sizinakonzekebe ayi.* Kenako anachotsa maluwa, n'kusintha kalembedwe ka zilembo. Apa bwana anangoti *Lachisanu, kumbukira.* Lachisanulo ndilo linali tsiku lomuuza ngati ntchito ndi yake kapena ayi.

"Unamufunsa kuti chawonongeka n'chiyani?"

"Amayi, munthu woyeserera safunsafunsa. Aziti sindidziwa ntchito."

"Ndiye pano akuti ukuidziwa?"

Ndinamuuza kuti mawu akuti konza ndi thumba lobooka. Mlendo akamabwera timakonza m'nyumba, kutanthauza kusesa. Nkhuku timaikonza poidula khosi. Njinga timaikonza kuti iyende. Ndipo ine ndikati ndikukonza, iwe umadziwa kuti uyenera kuthawa. Tsono bwana wakoyo akufuna usese, uphe, kapena umenye?

"Amayi, musabwere kuntchito kwanga."

Ndinali nditavala kale nsapato.

Malowo ndi chipinda chimodzi chachitali chonunkha inki. Kumapeto kuli chimakina chonga bedi, chimene chimalavula nsalu zolembedwa pang'onopang'ono. Bwana anali pampando wozungulira, foni ziwiri patebulo, yachitatu kukhutu. Ndi bambo wamimba ndithu, wovala tayi pamalo otentha ngati uvuni. Mwana wanga analowa kumbuyo kwanga akuyang'ana pansi.

"Tikuthandizeni, mayi?"

"Ndine mayi wake wa uyu. Ndabwera ndi mawu anu, mwina munagwetsa ena panjira. Atifika awiri okha."

Anayang'ana mwana wanga, mwana wanga anayang'ana makina.

"Mayi, pano ndi pantchito. Munthu wophunzira akaona fayilo amadziwa chochita."

"Chabwino. Inu ndinu wophunzira kuposa iye. Chawonongeka n'chiyani?"

Anatsegula chithunzicho pakompyuta yake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mwendo. Anachikulitsa, anachichepetsa.

"Sichikukoka maso," anatero.

"Maso a ndani?"

"A kasitomala."

"Kasitomalayo anati chiyani?"

Apa anayamba kusuntha mafoni ake patebulo ngati akuwayala kuti agulitse. Ndinatambasula dzanja. Sindikudziwa chifukwa chake anandipatsa, mwina anaona kuti sindichoka. Uthenga wa mayi mwini saluni unali pamwamba pa fayilo yomwe ija. *Konzani ichi.* Bwana anangochotsapo ulemu n'kukankhira mwana wanga. Ndipo nthawi zonse zitatu ankatumiza ntchito ya mwanayo kwa mayiyo, mayiyo akakana, iye n'kubweza kukanako osafunsa kanthu.

"Ndiye inu ntchito yanu ndi ya paipi," ndinatero. "Madzi amangodutsa."

"Mayi, kasitomala safunsidwa mafunso ambiri. Amathawa."

"Kwanga munthu akati akufuna nsapato, ndimamufunsa saizi. Sanathawepo ndi mmodzi yemwe. Amathawa ndi amene ndamupatsa yothina."

Saluniyo inali pamsewu womwewo, kutsidya kwa siteji ya basi, m'chipinda chapamwamba. Ndinati tipite. Bwana anati ali ndi zochita. Ndinakhala pampando wa makasitomala n'kuvula nsapato imodzi. Tinapita tonse atatu.

Tinavutika kupeza khomo. Masitepe ake abisala pakati pa sitolo ya mafoni ndi ya mankhwala. Mwini saluni tinamupeza akuluka munthu, chipeso chili m'kamwa. Nditangomuona ndinadziwa kuti ndakumana ndi mnzanga. Nkhope yosatsitsa mtengo.

"Mwabwera gulu, chikwangwani changa chili kuti?" anafunsa atalavula chipeso.

Bwana anayamba kuseka kaulemu. Ndinamudula.

"Tabwera kudzafunsa chimene munatanthauza."

"Aliyense wa maso akhoza kuona."

"Tayang'ana anthu atatu, maso asanu ndi limodzi, sitinaone. Tiuzeni ngati ana."

"Inu ndinu ndani?"

"Wogulitsa nsapato."

"Ndiye za zikwangwani mukuzidziwira kuti?"

"Sindizidziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa. Odziwawa akhala chete sabata yonse."

Ndinatsina mwana wanga pamkono. Anatulutsa foni n'kufunsa.

"Mayi, chithunzichi mukufuna kuchiika pati?"

Mayiyo analoza pawindo ndi chipeso. Kunja, pamwamba pa masitepe, panali chitsulo chachitali chopingasa, chopanda kanthu. Mwana wanga anatseka maso pang'ono. Fayilo ija inali yoimirira, yopangidwira pafoni. Malo ake anali ogona, aatali ngati bedi. Iye sabata yonse ankakongoletsa chinthu choti anthu azionera m'manja.

"Munayesapo kuchisindikiza?"

Mayiyo anakoka nsalu yopindidwa pansi pa sinki n'kuitambasula. Wina anali atangochikoka chithunzicho m'mbali kuti chikwane. Mitu ya atsikana ija inali yaphwatalala ngati yapondedwa ndi lole, nkhope zonse timabokosi tokhatokha. Ngakhale amene ankalukidwa uja anaseka.

"Ndinachipachika tsiku limodzi," anatero mwini saluni. "Anthu ankafunsa ngati timaluka achule."

Tsopano mwana wanga anamasuka. Anafotokoza kuti chithunzi chaching'ono sichikula popanda kuphwanyika, pokhapokha patapezeka choyambirira chimene anajambula ndi kamera. Mayiyo anati anachitenga kwa mlamu wake, ndipo mlamuyo sakuyankhulana naye. Ndiye mitu ichoke, anatero mwana wanga, kapena tijambule ina. Anapempha tepi, bwana n'kukwera pampando kukayeza chitsulo, tayi ili lendelende.

"Nanga chikwangwanichi chikuchitireni chiyani?" anafunsa mwanayo. Funso limeneli silinachoke kwa ine, ndinene zoona.

"Makasitomala amaimba foni ali pasiteji apo, akuti sakuona khomo. Ena amatopa n'kukalowa kwa uja wa kuseri."

"Ndiye mukufuna munthu ali pasiteji awerenge dzina, aone kolowera."

"Ndi nambala. Koma iyo ili apoyo ndi yakale."

Bwana anatsokomola ali pampando pomwepo.

"Maluwa aja bwezerani," anapitiriza mayiyo. "Ndi pinki wanga. Ndani anakuuzani kuti muchotse?"

"Palibe," ndinayankha ine. "Ndiye vuto lake limenelo. Tsono timvane. Tidzadziwa bwanji kuti chakonzeka? Sindikufuna Lachisanu mudzati sichikukoka maso."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Inu mumawerenga?"

"Zilembo zikakhala zazikulu."

"Ndiye mukaime pasiteji. Mukawerenga inuyo, ndiye kuti ngakhale mbuzi iwerenga."

Ankayesa akundinyoza. Ine ndinamva mgwirizano, ndipo mgwirizano sindiusiya pansi.

"Lemba zimenezo," ndinauza mwana wanga. "Mbuziyo usalembe."

Analemba pafoni, n'kuwerenga mokweza kuti aliyense amve. Chikwangwani chogona, cha muyeso wa chitsulo chija. Cholinga: munthu ali pasiteji awerenge dzina ndi nambala yatsopano, aone muvi woloza masitepe. Mitu ichoke. Pinki ndi maluwa zisakhudzidwe. Lachinayi ayese papepala wamba la kukula komweko, mwini saluni akavomera, Lachisanu asindikize pansalu. Anatumiza kwa mwini saluni ndi kwa bwana.

"Yankhani pomwepo kuti eya," ndinauza mwini saluni.

"Ndavomera kale pakamwa."

"Pakamwa pamauma. Yankhani."

Anayankha, akung'ung'udza kuti sanaonepo nkhalamba yokakamira chonchi.

Lachinayi masana ndinasiyira mnzanga benchi ya nsapato n'kukaima pasiteji. Mwana wanga ndi bwana anagwira mapepala olumikiza ndi selotepi pachitsulo paja. Dzina ndinaliwerenga. Muvi ndinauona. Nambala ndinaifuula kuti amve kutsidya, anthu odikira basi akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Yomalizayo ndi eyiti!"

"Ndi firii, amayi!"

"Ndiye ikonze, ikuoneka ngati eyiti!"

Mwini saluni anati vuto ndi maso anga. Ndinamukumbutsa kuti maso angawo anawasankha yekha. Mwana wanga anasintha manambala, anaika ena otseguka bwino, n'kuwatalikitsa pang'ono, maluwa n'kuwakankhira kumakona. Titayesanso ndinawerenga yonse osaphonya. Mayiyo anayamba zoti mwina pakanakhalanso kachithunzi ka lumo. Mwana wanga, yemwe uja woopa kufunsa, anamuonetsa eya wake n'kunena mwaulemu kuti lumo ndi ntchito ina, ikhoza kukambidwa payokha. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone mano anga.

Lachisanu nsalu inapachikidwa. Madzulo ake foni ya mwana wanga inalira tili kukhitchini. Anawerenga, n'kundipatsa. *Bwera Lolemba.*

"Ubwere kudzatani? Kudzayamba ntchito, kapena kudzatenga kapu yako?"

Ndinayamba kufunafuna nsapato. Mwanayo anaima pakhomo.

"Khalani pansi, amayi. Ndifunsa ndekha."

Analemba ndikumuona: kodi ndalembedwa ntchito yokhazikika, ndipo ndifike nthawi yanji? Tinadikira. Mphika unayamba kupsa, sindinaulabadire. Yankho litabwera anaseka mpaka kukhala pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti eya, ndalembedwa, ndifike nthawi yotsegulira. Koma awonjezera zina."

"Werenga."

"Akuti amayi ako asadzapondenso pano."

Ndinawerenga ndekha, pang'onopang'ono, ndi chala. Uthenga wonse unali womveka, wopanda pobisala. Munthu uja waphunzira kulemba.