Mkwamba wa a Lazaro

M'sitolo ya mzungu ku Katete, buku linkati nsalu yatsala mayadi makumi anayi, koma Aroni kalaliki atayeza katatu anapeza asanu ndi limodzi akusowa. Kuba ayi, chiswe ayi. Kenaka anaona alamu ake a Lazaro, ogulitsa m'sitolomo, akuyezera mayi wina nsalu potambasula manja awo ataliatali aja, ndodo yoyezera ili pakona.

"Alamu, mwandipha! Mkwamba wanuwo ukuposa mayadi awiri!"

Kufufuta nambala m'bukumo Aroni sakanatha, mzungu akanati wakuba ndi iyeyo. Anaisiya yakaleyo nalemba mzere watsopano: tsiku, mayadi osowa, chifukwa chake, ndi malo oti mzungu asainepo. Linatsala dzina la wolakwa lokha. Panja mlongo wake ankadikira amuna ake a Lazarowo, mwana ali kumsana. Aroni anaviika cholembera mu inki, nalemba dzina la iye mwini.