Mizere Isanu ndi Umodzi

Mumsewu wathu palibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Mayi Tsitsaniko, chifukwa ngakhale singano sankagula asanayinenerere. Wogulitsa akamuonera patali ankayamba kale kumva ludzu.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chimodzi: neba wake, mayi wamtali amene ana anamupatsa dzina loti Mlongoti. Pakati pa nyumba ziwirizo panalibe mpanda, ndipo Mlongoti maso ake sankapuma. Mwana wamkazi wa Tsitsaniko akangolandira mlendo wachinyamata, dzuwa lisanapendeke msewu wonse unkakhala utadziwa mtundu wa nsapato zake.

Ndiye tsiku lina Tsitsaniko anaitana mmisiri womanga, bambo wofatsa wa pensulo kukhutu.

"Ndikufuna khoma loti uyo asamaone ngakhale utsi wanga. Zingati?"

Mmisiri anakoka tepi. M'litali munakwana mamita 12. Anasuzumira kwa Mlongoti, amene ankasesa malo osesa kale, nati msinkhu ukhale mamita awiri. Kenako ananjuta n'kuyamba kulemba pansi ndi msomali.

"Mamita 12 kuchulukitsa ndi awiri, ndi masikweya mita 24. Khoma lalitali chonchi timamanga la njerwa ziwiri m'mimba, kuti lisagwe ndi mphepo. Sikweya mita imodzi imadya njerwa 100. Ndiye 2,400."

"Zilankhuleni mwachimunthu, bambo."

"Mzere umodzi, kuchoka uku kufika uko, njerwa 100. Mizere 24 ndiye mamita awiri aja. Pansi panthaka palowa mizere ina isanu ndi umodzi ya maziko, njerwa 600. Zakwana 3,000. Onjezani 150 zosweka panjira."

"Zisanabwere n'komwe mwaziswa kale?"

Mmisiri sanaseke. Anati thumba limodzi la simenti limamanga njerwa 250, ndiye matumba 12, kuphatikiza asanu ndi atatu a konkire yapansi pa maziko, onse 20. Njerwa pa makwacha 100 imodzi, 315,000. Simenti pa 20,000 thumba, 400,000. Mchenga ndi miyala 135,000. Thukuta lake 150,000.

"Zonse pamodzi miliyoni imodzi, mayi."

Tsitsaniko anawomba m'manja kamodzi. Iye anakulira pamsika, ndipo ankadziwa kuti mtengo uliwonse umabwera ndi mchira woti udulidwe. Thukuta analidula mpaka 120,000, mmisiri n'kuvomera mokukuta mano. Atamva kukoma, anatembenukira njerwa.

"Khoma mwati 2,400. Zinazo ndi zoti mukamangire khola la nkhuku kwanu. Ndigula 2,500, zana limenelo ndi lanu losweka lija. Simenti 18."

"Mayi, mtengo wanga tsitsani, ndine munthu. Koma khoma silimva kunenerera."

"Inu mangani. Njerwa zokwirira pansi ndani adzazione?"

"Maziko sindisiya. Likadzagwera mwana, dzina loipa ndi langa."

"Ndati mangani, bambo, ndili ndi zochita."

Mmisiri anabweza pensulo kukhutu. "Chabwino. Ndimanga mpaka pomwe njerwa zanu zithere."

Ntchito inayenda bwino. Anakumba, anathira konkire, njerwa 600 zinalowa pansi Tsitsaniko akuyang'ana ngati akuona maliro a ndalama zake. Zosweka zinakwanadi pafupifupi zana. Khoma linakwera mowongoka, chingwe chili nga, mpaka mzere wa 18. Pamenepo mmisiri anatsuka zida zake.

"Bwanji mwaima?"

"Njerwa zatha. Mita imodzi ndi theka, monga munagulira."

Tsitsaniko, poti ndi wamfupi, khomalo linamupitirira pamutu, ndipo anayamba kuganiza kuti wapambana. Akuti atembenuke, pamwamba pa khoma panatulukira mpango, kenako maso, kenako chibwano chinakhazikika bwinobwino pa njerwa ngati anachita kuchiyeza.

"Mwaswera bwanji, aneba?" anatero Mlongoti. "Koma mwatiganizira. Kale khosi linkatopa, pano pali potsamira."

Mmisiri anayang'ana kumbali, mapewa akugwedera.

"Kuti lifike pomwe tinanena, zingati?" anafunsa Tsitsaniko motsitsa mawu.

"Mizere isanu ndi umodzi. Njerwa 630, zosweka zili momwemo. Simenti matumba atatu, poti theka sagulitsa. Ine 30,000 yomwe munadula ija. Zonse 153,000. Mchenga ulipo wotsala."

"Tsitsaniko, bambo."

"Ndingatsitse khoma, mayi, ngati mukufuna."

Ndalama zinali zitatha, ndipo ngakhale zikanakhalapo, kubweza 30,000 yodula kale kunali ngati kumeza malovu olavula. Sabata yonse anapirira chibwano chija. Chinkatuluka m'mawa, chinkabweranso masana, mwana wake mpaka anayamba kulandirira mlendo wake kumsewu.

Loweruka m'mawa Tsitsaniko anatenga chidebe chachitsulo, anachivundikira m'munsi mwa khoma, nakwerapo. Kwa nthawi yoyamba anaona bwalo la neba lonse, ndipo anadabwa kuti zaka zonsezi ankadzimana.

"Mwadzuka bwanji, aneba? Kabudula ali pachingweyo ndi wa abambo akunyumba? Mabowo awiriwo ndi a miyendo, nanga lachitatulo?"

Mlongoti anaanula kabudulayo msangamsanga.

Tsiku lotsatira chidebe chinabweranso. Tsitsaniko anabwera ndi kapu ya tiyi n'kuikhazika pakhoma. Anafunsa chifukwa chimene mapoto a dzulo anagonera osatsuka. Anafunsa ngati bambo amene anagogoda kawiri uja anali wa ngongole ya mipando, poti aneba anabisala kuseri kwa thanki. Mawu ake ndi a pamsika, safuna chokuzira. Anthu odutsa mumsewu anayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Mayi, mulibe ntchito?" anatero mwamuna wa Mlongoti, atatuluka ndi thaulo m'chiuno.

"Ndaphunzira kwa akazi anu, achimwene. Ndi ntchito yokoma. Pitani mukasambe, ndikuyang'anirani nyumba."

Bamboyo anabwerera m'nyumba chafutambuyo.

Lachinayi Mlongoti anabwera yekha, osati pakhoma, koma pakhomo, n'kugogoda ngati mlendo.

"Aneba, khoma lija likuoneka losatha. Bwanji tithandizane, theka inu, theka ife?"

"Ine likundikwanira. Kamphepo kamadutsa bwino."

"Ife tigule njerwa ndi simenti, inu mulipire mmisiri."

"Ine ndinakwirira njerwa 600 pansi, mayi. Munandithandiza kulira?"

Mlongoti anapuma mozama. "Chabwino. Zonse ife."

Mmisiri atabwera anabwereza masamu ake aja pamaso pa onse awiri, osasintha ngakhale njerwa imodzi. Mlongoti anayesa kunena kuti mwina njerwa 500 zingakwane.

"Ayi, aneba," anatero Tsitsaniko mwachifundo. "Khoma silimva kunenerera. Mzere umodzi njerwa 100. Mukadula zana, mwandisiyira mzere, ndipo ine ndili ndi chidebe china chachitali."

Mmisiri anatsokomola, pensulo n'kugwa kukhutu.

Mizere isanu ndi umodzi inakwera masiku awiri. Pa mzere womaliza Tsitsaniko anaimirira pachidebe, ananyanyamphira, osaona kanthu koma thambo. Anatsika, anagogoda khomalo ndi chala, kenako anatembenukira mmisiri amene ankasonkhanitsa zida.

"Simenti yatsala m'thumba lachitatulo musapite nayo. Pakhomo panga pali sitepe yosweka."

"Imeneyo ndi ya aneba anu, mayi."

"Akaiona abwere adzatenge."