Botolo la Mazowe ndi Pakamwa pa Alamu

Alamu anga a Uledi anali nane ngongole ya pakamwa, ndipo ndinalumbira kuti sindikhululuka mpaka abweze. Ndi iwo anaponya mawu ojambula pagulu la Watsapu la komboni yathu kuti kolera yafika, aliyense wopita ku kiliniki ya esiteti akumutsekera mutenti, kutuluka kwake ndi m'bokosi. Mwana wanga Laila anamva zimenezo, n'kubisa khanda lake m'nyumba likutsegula m'mimba.

Ndinazitulukira pochokera kothyola tiyi, nditaona matewera mbwee pachingwe.

"Iwe, mwanayu watani?"

"Mano, amayi."

"Mano akumera kumatako?"

Analira. Ndinamupatsa foni yanga kuti andiwerengere zimene Sista Natsai, namwino wa pakiliniki, analemba pagulu lomwelo m'mawa, poti ine zilembo zimandithawa. Zinali m'Chishona, chinenero cha eni dziko kuno, zazifupi. Akuti kolera ilipodi m'dera lathu, koma imachizika munthu akafika msanga. Choopsa n'kutha madzi m'thupi. Tengani botolo la chakumwa cha Mazowe, la mamililita 750, la madzi owiritsa ozizira, thirani shuga masipuni a tiyi sikisi osasefukira ndi mchere theka la sipuni. Mwetsani pang'onopang'ono muli panjira yobwera kuno. Woyamwa asasiye bere.

"Za bokosi zili pati?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Bereka mwana."

Tenti inalipodi kuseri kwa kiliniki, khomo lili yasa, gogo wina atakhala pakhomopo akudya nthochi. Sista anamuyeza mwana, anati si kolera, n'kutipatsa mapaketi a mankhwala a madzi aja ndi timapiritsi ta zinki. Anadandaula kuti akuluakulu a komboni sawerenga zolemba zake, amangomvera mawu.

Madzulo ine ndi Laila tinawapeza alamu pampopi akuchokera kumzikiti.

"Alamu, pakamwa panu panatsekera mdzukulu wanga m'nyumba. Patsegule."

"Inetu ndinangotumiza zomwe ananditumizira, mlamu. Chabwino, ndifufuta."

"Kufufuta? M'makutu mwa anthu mufufuta ndi chiyani? Munena za Sista, m'Chinyanja, ndi liwu lomwelo."

"Mawa."

"Panopa. Ndaima pano."

Laila ankawerenga, iwo n'kumatanthauzira mufoni. Ulendo woyamba anayamba ndi "Abale, imfa yatizungulira!" Ndinawalanda foni.

"Sista analemba imfa?"

"N'kokometsera chabe."

"Si ukwati uno."

Wachiwiri anathira mchere masipuni sikisi, shuga theka.

"Mukufuna kuumika ana ngati nsomba za kapenta?"

Anthu apampopi anafa nacho chiseko. Wachitatu unatuluka bwino, wosalala, ngakhale anawonjezera okha kuti, "Tenti ndi yotsegula, mlamu wanga waiona, ndipo uyu samanamizika."

Asanabweze foni m'thumba, mai Agripina a nyumba yakumapeto anatuluka atabereka kamnyamata kawo, botolo lili m'manja, akufunsa ngati Sista sanaweruke.

"Ndiye tathana, mlamu?" anatero a Uledi.

"Tathana. Koma aperekezeni, ndinu muli ndi njinga."