Mawu Awiri Papepala la a Bizwick

Fakitale imene a Bizwick Nakoma anakuliramo itatsekedwa chifukwa cha kutsika kwa mtengo wa tiyi pamsika, anawapatsa mpaka kutha kwa mvula kuti achoke m'nyumba ya esiteti. Anamva kuti kuseri kwa Mphuka mzungu wina wamanga fakitale yatsopano, ndipo akufuna munthu wodziwa masamba. Nyumba inalipo. Koma bwanayo ankafuna mbiri ya ntchito yolembedwa m'Chingerezi.

A Bizwick anapita kwa a Stafford, mphunzitsi wa ku Masambanjati, munthu wolemba mochedwa ngati akusoka. A Stafford sankamasulira mawu okha. Ankayamba afunsa zimene manja a munthu ankachita.

"Mwati munali wopanga tiyi. Wake uti? Wa m'kapu?"

"Iyayi, aphunzitsi! Masamba akafota, wonena kuti apite kumakina opotera ndinali ine. Akavundikidwa, ndimanunkhiza ndine n'kulamula kuti alowe pamoto. Anthu amadikira pakamwa panga."

"Ndiye pa Chingerezi ndinu *tea maker*," anatero a Stafford. "Si kapitawo chabe, pakuti kapitawo amayang'anira anthu. Inu mumayang'anira tiyi weniweniyo."

Kenako a Bizwick anatulutsa setifiketi ya kusukulu ya mishoni ya kwawo kwa Apwitikizi, yolembedwa kuti *terceira classe*. Mphunzitsi anapukusa mutu. Anati akalemba *third class* mzungu aganiza za anthu okwera kumbuyo kwa sitima. Anawafunsa zimene anaphunzira, kuwerenga, kulemba ndi masamu ogawa, n'kulemba dzina la Chipwitikizilo monga linalili, pambali pake n'kuwonjezera kuti likufanana ndi Sitandade 3 ya kuno.

Pepala linali labwino. Koma pepala la munthu wakuda silinkafika kwa bwana lisanadutse m'manja mwa kalaliki, ndipo kalaliki wa kumeneko anali a Goodson, munthu amene ankayetsemula bwana akadwala chimfine.

"Anakulemberani ndani zimenezi?" anafunsa a Goodson. "Dzina ili la *tea maker* ndi la azungu, mwina Amwenye. Bwana akaliwona ati ndinu wamwano. Ndikukonzereni, ndikuthandizeni."

Analembanso lonse ndi dzanja lawo lokongola. Pa *maker* anaikapo *boy*, kuti pakhale *tea boy*. Za Sitandade 3 anazisiya, nati n'zotalikitsa, n'kulemba *third class* yomwe ija. A Bizwick, osadziwa Chingerezi, anawomba m'manja kuthokoza. Zimenezi n'zimene zimawawa kwambiri, kuti munthu anathokoza.

Ntchito anaipeza tsiku lomwelo. Anathamanga kukauza akazi awo, a Vailet, kuti amange katundu. M'mawa mwake akulunjika kufakitale, mlonda anawabweza n'kuwalozera kukhonde la ofesi. Kumeneko anawapatsa ketulo, thireyi ndi kansalu kopukutira makapu. Kanyumba anawapatsadi, kakumapeto kwa mzere, kodontha.

Anayesa kufotokoza. Koma womasulira pakati pa iwo ndi bwana anali a Goodson omwewo, ndipo zimene ananena m'Chingerezi zinangomuseketsa mzunguyo. Bambo wa imvi m'ndevu, bambo wa ana akuluakulu, anayamba kuitanidwa kuti "Boyi!" Ankayankha, chifukwa a Vailet anali atadzala kale nandolo kuseri kwa kanyumbako, ndipo kwina kopita kunalibe. Mphepo ikabwera ndi fungo la tiyi kuchokera kufakitale ankatembenuzira nkhope kukhoma.

Anapirira mpaka nandolo atakololedwa. Atamva kuti ku Khonjeni kukutsegulidwa fakitale ina, anabwerera ku Masambanjati ndi kope la pepala la a Goodson lija, limene analipempha ku ofesi. A Stafford ataliwerenga anaimirira, mpando n'kugwa.

"Uyu si womasulira, ndi wakuba! Wakuberani dzina masanasana!"

Anatenga pepala latsopano n'kulemba zonse monga poyamba, akung'ung'udza. Atafika pamzere womaliza, wa ntchito imene munthu akugwira tsopano, cholembera chinaima. Bwana wa ku Khonjeni akanafunsa ndithu kwa mnzake wa kuseri kwa Mphuka, poti azungu a m'maesiteti ankamwera pamodzi Loweruka lililonse.

"Tingalembe kuti wothandiza mu ofesi," anatero a Stafford motsitsa mawu, osawayang'ana.

"Aphunzitsi, paja inu mumafunsa zimene manja amachita," anatero a Bizwick. "Ndifunseni."

A Bizwick anadziyankha okha.

"Ndimawiritsa madzi. Ndimatsuka makapu. Akaitana ndimathamanga. Pa Chingerezi ameneyo amatchedwa ndani?"

Inki inali itauma kunsonga. Mphunzitsi anaviikanso cholembera, n'kulemba mawu awiri aja a a Goodson ndi dzanja lake lomwe, pakuti tsopano anali oona.